Bwana wolankhula mogwira mtima koma wolipira pa thumba: utsogoleri wake ndi uti?

Funso: Ndine kalaliki wogula mtedza pa kopaletivi ina kuno ku Kamwendo, ndipo Loweruka lililonse ndimaphunzira za kayendetsedwe ka bizinesi. Atiuza kuti aliyense alembe ngati bwana wake ali mtsogoleri wosula anthu, uja amati thiransifomeshono, kapena wa pangano la "gwira ulandire", uja amati thiranzakishono. Amanijala athu Lolemba lililonse amatilankhula mogwira mtima kuti mtedza wa ku Mchinji uzikafika kunja ndipo ana a alimi azipita kusukulu. Amapereka K500 pa thumba lililonse lopitirira matumba 200 pa sabata, amapachika chithunzi cha kalaliki wopambana mwezi ndi mwezi, amazungulira kuyesa masikelo, ndipo katundu akaperewera amadula pa malipiro. Mayi a mnzathu atamwalira anagula bokosi ndi ndalama za m'thumba mwawo. Amatitcha ana awo. Mnzanga akuti ndi wosula anthu, ine ndikuti ndi wa pangano. Walondola ndani?

Yankho: Achemwali, pa zimene mwalembazi ndiima nanu. Amanijala anu akulemerera ku mbali ya pangano, ndipo zikuoneka kuti mbali imeneyi amaitha. Koma mukakalemba kuti "ndi wa pangano chifukwa amapereka bonasi", mphunzitsi wodziwa ntchito yake akupatsani theka la malikisi. Mnzanuyo wamva mawu okoma n'kugamula, inu mwaona ndalama n'kugamula. Mawu okoma ndi ndalama zimapezeka kwa atsogoleri a mitundu yonse iwiri, ndiye pamenepo si pogamulira.

Kugawa utsogoleri pawiri chonchi kunatchuka ndi James MacGregor Burns, katswiri wa mbiri ndi ndale wa ku America, mu 1978. Iye ankalemba za atsogoleri a ndale, osati mabwana a m'maofesi. Anaona kuti ambiri amangosinthana zinthu ndi anthu awo: ndivotereni, ndikupezerani ntchito. Aliyense amapeza chake, n'kusiyana ali monga analiri. Koma pali ena ochepa amene amakweza zofuna za anthu awo, mpaka munthu n'kuyamba kulakalaka chinthu chachikulu kuposa chimene anabwerera. Burns ankaona mitundu iwiriyi ngati yotalikirana, wina uku wina uko. Mu 1985 Bernard Bass anatengera maganizowa ku malo a ntchito, ndipo anasinthapo chinthu chimodzi chimene chikukhudza mkangano wanu. Iye anati munthu mmodzi amachita zonse ziwiri, ndipo kusula anthu kumaonjezera pamwamba pa pangano, sikulowa m'malo mwake. Choncho funso silakuti bwana wanu ali m'khola liti. Funso n'lakuti pa zochita zake, zimene zikuyendetsadi ntchito ndi ziti.

Njira yake ndi yotenga chochita chimodzichimodzi n'kuchifunsa funso lomweli: pamenepa wantchito akuuzidwa kuti agwirire chiyani? Ngati yankho lili "kuti alandire kanthu, kapena kuti asalangidwe", ndi pangano. Ngati yankho lili "chifukwa wayamba kuiona ntchitoyo ngati yake, kapena chifukwa wakula nzeru ndi luso", ndiye kuti wasulidwa. Funso lothandizira n'lakuti, mphotho ija itachotsedwa ndipo bwana atapita ku Lilongwe sabata yathunthu, khalidwe limenelo lingatsale kodi?

Bonasi ndiyo yosavuta. Muli mlingo wodziwika, mtengo wodziwika ndi nthawi yodziwika, ndipo zonse zinanenedwa ntchito isanayambe. Bass anatcha zimenezi mphotho yodalira ntchito, ndipo ndiyo mbali yamphamvu kwambiri ya utsogoleri wa pangano. Kalaliki amene wagula matumba 260 amadziwerengera yekha kuti matumba 60 apamwamba amupatsa K30,000, osapita kukagwada ku ofesi kapena kudikira kuti bwana adzuke bwino. Musaichepetse ntchito imeneyi. Mabwana ambiri amene ndakumana nawo m'makopaletivi ndi m'maesiteti amalephera pomwepa: mlingo amasintha pakati pa mwezi, bonasi imabwera mochedwa, ina imapita kwa mlamu amene sanagwire. Bwana wonena chinthu n'kuchichita pa tsiku lake wamanga kale kukhulupirirana kumene china chilichonse chidzatsamire.

Kuzungulira kuyesa masikelo nakonso ndi pangano, koma la mtundu wina. Uku ndi kuyang'anira zolakwa. Bass anasiyanitsa bwana wosaka cholakwa chisanakule ndi bwana wodikira mpaka zinthu zitavunda. Amene amatenga mwala wa makilogalamu 20 m'mawa, n'kuuika pa sikelo iliyonse kuti aone ngati ikuwerenga 20, ndi woyambayo. Wachiwiri amangotulukira lole itabwezedwa ndi wogula, n'kuyamba kufunsa kuti wachita izi ndani. Amanijala anu ndi a mtundu woyamba, ndipo pa malo pamene ndalama zankhaninkhani zimadutsa m'manja mwa anthu tsiku lililonse, ameneyu ndiye wofunika. Kudula malipiro ndiko chilango cha pangano lomwelo. Pano ndipatuke pang'ono: lamulo lathu la zolembana ntchito la chaka cha 2000 sililola bwana kulipiritsa wantchito chindapusa, ngakhale limalola kudula ndalama zobwezera katundu amene wantchitoyo wawononga. Kotero komiti yanu ionetsetse kuti kudula kulikonse kuli ndi umboni ndipo munthu wapatsidwa mpata wofotokoza mbali yake. Mtedza umatha kuperewera chifukwa chouma m'nyumba yosungira, popanda wakuba.

Tsopano msonkhano wa Lolemba, pamene mnzanu waponda. Iye sakulakwitsa kuti kupatsa anthu masomphenya ndi chimodzi mwa zochita za mtsogoleri wosula anthu. Bass ndi mnzake Bruce Avolio anatchula zochita zinayi. Kulankhula za kumene gulu likupita mopatsa anthu chikhumbo ndi chimodzi. Zina ndi kukhala chitsanzo chimene anthu amachikhulupirira ndi kufuna kuchitengera, kutakasa anthu kuti aziganiza okha ndi kukayikira njira zakale, komanso kusamalira munthu aliyense payekha kuti akule. Mnzanu wapeza chimodzi mwa zinayi, ndiponso wapeza chimene chili chosavuta kuchinamizira. Kulankhula mogwira mtima kwa mphindi khumi pansi pa mtengo wa mango sikudula kanthu. Ife kuno tinakulira pa maulaliki ndi misonkhano ya ndale, ndiye makutu athu amafulumira kutcha wodziwa kulankhula kuti ndi mtsogoleri.

Chinthu choyamba choti mumvetsere Lolemba likubwerali ndi m'mene mawuwo amathera. Bwana akanena za ana a alimi n'kutsiriza kuti "choncho amene apitirire 200 sabata ino alandira zake", ndiye kuti masomphenya aja angokhala mawu otsegulira, nkhani yeniyeni ndi pangano. Akatsiriza kuti "choncho thumba lonyowa lisalowe muno, ngakhale likuchotsereni bonasi", ndiye kuti akupempha anthu kusiya phindu lawo chifukwa cha cholinga cha onse, ndipo kumeneko ndiko kusula.

Izi zikutifikitsa pa malo amodzi pamene masomphenya a amanijala anu ndi bonasi yawo zimagundana, ndipo pamenepo ndi pamene mungaone bwino chimene chikulamulira. Inu mukudziwa kuposa ine chimene chimatsekera mtedza wathu misika ya kunja: chuku. Poizoni wake amachokera ku nkhungu imene imamera pa mtedza wosauma bwino, ndipo maiko a ku Ulaya amakana mtedza woti anthu adye ukakhala ndi poizoniyu kuposa magawo 4 pa magawo biliyoni imodzi. Mukudziwanso kuti alimi ena amawaza madzi pa makoko kuti asavute kuswa, ndipo ena amanyowetsa dala kuti thumba lilemere. Mtedza wofuna kusungidwa uyenera kuuma kufika pa chinyezi cha 7 kapena 8 peresenti.

Ndiye tiyerekeze kuti ndi Lachisanu masana m'mwezi wa Juni. Kalaliki wafika pa matumba 200. Pabwera ngolo zingapo ndi matumba 60 a mtedza wa mtundu wa CG7. Iye wapisa dzanja m'thumba, mtedza ukuzizira m'manja, waluma njere imodzi ndipo siinathetheke, yangofwanyika. Kachipangizo koyezera chinyezi kawerenga 12 peresenti. Akalandira matumbawa apeza K30,000. Akawabweza sapeza kanthu, mlimi amunenera mawu, ndipo mtedzawo ukagulidwa ndi venda wa pamsewu amene safunsa mafunso. Tiwerengenso mbali ya kopaletivi. M'thumba la makilogalamu 50 la chinyezi cha 12 peresenti, mtedza weniweni wopanda madzi ndi makilogalamu 44. Likauma kufika pa 7 peresenti lilemera makilogalamu 47.3. Thumba lililonse lataya makilogalamu 2.7, ndipo pa matumba 60 ndi makilogalamu oposa 160, kutanthauza matumba atatu ndi kanthu amene kopaletivi yalipira madzi. Chuku chikameramo, matumba amenewa akasakanikirana ndi abwino angabwezetse lole yathunthu.

Bonasi ya pa thumba ikuuza kalaliki kuti landira. Mawu a Lolemba akumuuza kuti bweza. Walira mvula walira matope: wolipira kuchuluka kwa matumba waitaniranso matumba onyowa. Funso limene ntchito yanu yakusukulu iyenera kuyankha n'lakuti pa kopaletivi yanu, Lachisanu lotere, makalaliki amachita chiyani, ndipo amanijala akamva amatani.

Bwana wa pangano wodziwa ntchito akamva kuti matumba onyowa analowa, amakonza pangano. Amati, "Kuyambira mawa thumba lopitirira 8 peresenti siliwerengedwa pa bonasi, ndipo amene alilandire alipira kuperewera kwake." Izi zimagwira ntchito, ndipo zimagwira msanga. Malire ake ndi akuti zimangotseka chiboo chimene chaoneka. Sabata yotsatira wina aphunzira kuyeza chinyezi pamwamba pa thumba pamene pauma, ndipo pafunika lamulo lina. Bwana amakhala kumbuyo kwa vuto nthawi zonse, ndipo buku la malamulo limangokula.

Bwana wosula anthu akhoza kukonzanso bonasiyo, sakanganapo nayo. Koma sathera pamenepo. Amaitana makalaliki, n'kuthira pa tebulo mtedza wa m'matumba aja, wina utayamba kale kubiriwira mkati, n'kufunsa kuti, "Inu amene mumakhala pa sikelo, alimi akubweretseranji mtedza wonyowa, nanga tingatani?" Ndipo amakhala chete kudikira yankho. Mwina wina anena kuti alimi akuthamangira kugulitsa chifukwa cha fizi ya ana, ndiye kuwabweza n'kuwapereka kwa mavenda. Wina anena kuti tiyale malona pabwalo, mlimi ayanike pompano masiku awiri, tidzamuyezere mtedza utauma. Bwana n'kunena kuti, "Achemwali, maganizo ndi anu, muyendetse ndinu mwezi uno, mudzatiuze zimene mwapeza." Pa msonkhano umodzi umenewu mwachitika zinthu zitatu zimene bonasi singachite: anthu aganiza okha, aona ndi maso chimene masomphenya aja akutanthauza, ndipo mmodzi wapatsidwa udindo womukuza. Kalaliki wotere Lachisanu lina adzabweza thumba lonyowa bwana kulibe, ndipo adzatha kumufotokozera mlimi chifukwa chake.

M'kalata yanu mulibe chilichonse chofanana ndi zimenezi. Mulibe pamene amanijala anafunsa maganizo a wantchito n'kuwatsatira, mulibe pamene anaphunzitsa munthu ntchito yoposa imene anamulembera. Kusowa kumeneku ndiko kwandipangitsa kuima nanu, osati K500 ija.

Nkhani ya bokosi la maliro ndiyo yofunika kuigwira mosamala, chifukwa ndi chinthu chabwino ndipo sindikufuna kuchichepetsa. Munthu wochotsa ndalama m'thumba mwake pa tsiku la zovuta za wantchito wake ali ndi umunthu, ndipo banja lija silidzaiwala. Ophunzira ambiri akaona zoterezi amathamangira kulemba kuti ndiko "kusamalira munthu aliyense payekha" kumene Bass ananena. Koma Bass ankanena makamaka za kukuza munthu: kudziwa kuti uyu amatha masamu koma amaopa kulankhula pagulu, uyo akufuna kudzakhala wosunga chuma, ndiye kumupatsa aliyense ntchito, malangizo ndi mpata zomufikitsa kumeneko. Chifundo chimathandiza munthu pa vuto lake. Kusula kumamusiya ali wokhoza kuposa kale. Bwana akhoza kukhala wachifundo zaka khumi, antchito ake n'kukhalabe pa sikelo yomweyo, osadziwa kulemba lipoti kapena kukambirana mtengo ndi wogula.

Mawu oti "ana anga" akhozanso kupita mbali ziwiri. Pali kholo lolera mwana kuti adzaime payekha, ndipo pali bwana amene mawu amenewa amatanthauza kuti ndikusamalani, inu muzindimvera osafunsa. Wachiwiriyu ali pa pangano ndithu, kungoti silinalembedwe: chisamaliro kusinthanitsa ndi kumvera. Mumamuzindikira pa tsiku limene wantchito watsutsa maganizo ake kapena wapeza ntchito kwina. Akayamba kuwerenga kuti "nditakugulira bokosi la mayi ako, lero ukundichita zimenezi", ndiye kuti bokosi lija linali ngongole. Akanena kuti "pita bwino, kalata yokuchitira umboni ndikulembera lero", ndiye kuti inali mphatso. Sindikunena kuti amanijala anu ndi a ngongole. Ndikunena kuti bokosi palokha silikuuzani mbali, chokuuzani ndi zimene zimatsatira.

Chithunzi cha pakhoma sichivuta. Kuyamikira nako ndi mphotho, ngakhale si ndalama. Ngati wopachikidwa amasankhidwa powerenga matumba, chithunzicho ndi bonasi yomweyo itavala zina. Chingasinthe mbali ngati tsiku lina papachikidwa kalaliki amene anagula matumba ochepa chifukwa anabweza onyowa, bwana n'kufotokozera onse chifukwa chake.

Chimene chatsala pa zinayi zija ndi kukhala chitsanzo, ndipo ichi chimaoneka pokhapokha bwana mwiniwake akakhala kuti ataya kanthu. Wapampando wa komiti akabweretsa matumba ake onyowa, amayezedwa ngati a wina aliyense? Ndalama zikachedwa kuchokera kwa wogula, amayamba kulandira ndani, amanijala kapena onyamula matumba? Katundu akaperewera chifukwa amanijala eni ake anachedwa kupeza malona mvula ya mwadzidzidzi itagwa, amadula kwa ndani? Antchito amaona zimenezi mwatcheru kuposa m'mene amamvera za Lolemba. Bass ndi Paul Steidlmeier mu 1999 analemba za atsogoleri onamizira kusula anthu, amene amagwiritsa ntchito mawu a masomphenya pofuna phindu lawo. Kuno kwathu mumawadziwa: malipiro achedwa miyezi iwiri, koma iwo ali pa msonkhano kuuza anthu kuti tidzipereke, ndife banja limodzi, kwinaku alawansi yawo ya ulendo yatuluka kale. Zimandipweteka ndikaona wophunzira akulemba munthu wotere kuti ndi wosula anthu chifukwa choti amalankhula za kudzipereka. Ameneyo sanafike n'komwe pa utsogoleri wa pangano, chifukwa pangano lenilenilo sakulisunga.

Apa ndinene chimene mabuku ambiri ophunzitsira amachisokoneza. Amalemba ngati kusula anthu ndiko kwabwino, pangano ndiko kwachikale. Kafukufuku sanena choncho. Mu 2004 Timothy Judge ndi Ronald Piccolo anaphatikiza zotsatira za makafukufuku 87 pa nkhaniyi. Anapeza kuti utsogoleri wosula anthu umayendera limodzi ndi zotsatira zabwino, monga kukhutira kwa antchito ndi kuyenda bwino kwa ntchito, koma mphotho yodalira ntchito inali pafupi kwambiri kumbuyo kwake, ndipo pa zinthu zina inapambana. Anapezanso kuti bwana amene antchito amamuona kuti ndi wosula anthu, kawirikawiri ndi yemweyo amene amamuona kuti amapereka mphotho monga analonjezera. Amene anaoneka woipa pa zonse ndi bwana wolekerera, wosapezeka, wothawa kugamula nkhani. Choncho kulemba kuti amanijala anu ndi a pangano si kuwanyoza, ndipo mukhoza kuwaonetsa pepala lanu osachita manyazi.

Palinso ntchito zimene pangano ndilo loyenera. Aganyu onyamula matumba amene abwera miyezi itatu ya msika n'kubwerera kwawo ku Mkanda kapena ku Kapiri, chimene akufuna ndi mtengo womveka pa thumba ndi kulandira madzulo a tsiku limene mwagwirizana. Kuwasonkhanitsa ola lathunthu kuwauza za misika ya ku Ulaya ndi kuwadyera nthawi. Kusunga ndalama, kulemba malisiti ndi kuyesa masikelo zimafunanso malamulo okhwima ndi diso losagona. Kusula kumafunika kwambiri pamene ntchito ikudalira chiweruzo cha munthu ali yekha, pamene lamulo silingafike, kapena pamene gulu likufuna kusintha kachitidwe kake. Kopaletivi yofuna kuchoka pa kugulitsa kwa mavenda kupita pa misika yoyeza chuku ili pamenepo ndendende, ndipo anthu amene kusinthako kuli m'manja mwawo ndi inu makalaliki. N'chifukwa chake ndikuona kuti pa masomphenya amene amanijala anu amanena, pangano lokha siliwafikitsa.

Tsono kugamula kuchokera pa zimene munthu mmodzi wafotokoza kuli ndi malire, ndipo mukawatchula m'pepala lanu mudzaoneka kuti mwaimvetsa nkhaniyi. Inu mwalemba zimene mwaona. Mwina wosunga katundu, amene amakhala ndi amanijala nthawi yaitali, amaphunzitsidwa zambiri zimene inu simuzidziwa. Bwana mmodzi amatha kusula anthu awiri amene amawakhulupirira n'kuyendetsa ena onse ndi pangano. Bass ndi Avolio popanga mndandanda wawo wa mafunso, wotchedwa MLQ, sanafunse kuti "bwana wanu ndi wa mtundu uti". Anafunsa antchito kuti chochita chakutichakuti bwana amachichita kangati, kuyambira 0, kutanthauza sachita n'komwe, kufika 4, kutanthauza pafupifupi nthawi zonse. Mukhoza kutengerapo nzeru imeneyi. Funsani anzanu asanu, aliyense payekha, kuphatikizapo mlonda ndi mmodzi wa onyamula matumba, mafunso a zinthu zooneka: amanijala anakufunsaponi maganizo pa ntchito n'kuwagwiritsa ntchito? Anakuphunzitsaniponi chinthu chimene simunkachidziwa? Munawaonapo akutaya phindu lawo chifukwa cha lamulo limene amatiuza? Bonasi imabwera pa tsiku lake? Aliyense akavomera, mufunseni kuti zinachitika liti ndipo zinayenda bwanji. Wosatha kutchula tsiku kapena chochitika, yankho lake ndi ulemu chabe, poti ife sitikonda kunena bwana zoipa.

Msampha wina ndi wogamula kuchokera pa zotsatira. Anthu amati, "Chaka chino tagula mtedza wambiri, anthu akugwira mosangalala, ndiye bwana wathu ndi wosula anthu." Mtedza wambiri ukhoza kubwera chifukwa mvula inagwa bwino kapena mtengo wanu unaposa wa mavenda. Mukatcha bwana aliyense amene zamuyendera kuti ndi wosula anthu, kenako n'kunena kuti kusula anthu kumayendetsa zinthu, mwangozungulira pamalo amodzi. Ofufuza ena, monga Daan van Knippenberg ndi Sim Sitkin mu 2013, anadzudzula chiphunzitso chonsechi pa mfundo yomweyi, kuti chimasakaniza zochita za mtsogoleri ndi zotsatira zake. Inu lembani zochita zokha: ananena chiyani, anachita chiyani, kwa ndani, zitatani.

Polemba, yambani ndi chigamulo chanu m'chiganizo chimodzi: amanijala athu amayendetsa ntchito makamaka ndi mphotho yodalira ntchito komanso kusaka zolakwa zisanakule, ndipo pa zochita zinayi za kusula anthu akuonetsa chimodzi, cha masomphenya. Kenako ikani chochita chilichonse pansi pa mbali yake ndi chifukwa chake, osangotchula dzina la mbaliyo. Bokosi la maliro mulilembe kuti ndi chifundo chimene palokha sichigamula. Mukatero fotokozani nkhani ya matumba onyowa monga imachitikira kwanuko, ndi manambala anu enieni a m'buku la malisiti, chifukwa ndi pamene mphunzitsi adzaone kuti simunangokopera tanthauzo la m'buku.

Ndipo mnzanuyo musamutsutse kotheratu musanafufuze chinthu chimodzi. Funsani ngati pali kalaliki amene anabwezapo mtedza wonyowa n'kutaya bonasi yake, nanga amanijala anatani naye. Ngati anamudzudzula kuti wagwetsa mlingo wa sabata, kapena sanazindikire n'komwe, chigamulo chathu chikhala momwemo. Ngati anamuimika pamaso pa onse Lolemba n'kunena kuti uyu ndiye wachita zimene timanena zija, ndipo pambuyo pake makalaliki ena anayamba kubweza okha popanda lamulo latsopano, ndiye kuti mawu a pansi pa mtengo aja akugwiradi ntchito mwa anthu. Zikakhala choncho mulembe kuti amanijala anu amachita zonse ziwiri, ndipo mbali yosula anthu ndi yaikulu kuposa m'mene kalata yanu yaonetsera.